Chifukwa chake ECB imaulula chinsinsi pomwe GCM imagwira wosokoneza uthenga

Njira yobisira mauthenga ya AES, yomwe bungwe la NIST ku America lidavomereza mu 2001, siimeza uthenga wonse nthawi imodzi. Imalandira kachidutswa ka mabaiti 16, n'kukasanduliza pogwiritsa ntchito kiyi, kenako n'kutulutsa mabaiti 16 ena osamveka. Baiti imodzi imakwana chilembo chimodzi cha wamba, choncho kalata ngakhale yaifupi imayenera kuduliridwa m'zidutswa zambiri. Dongosolo loyendetsera zidutswazo ndilo limasiyanitsa ECB ndi GCM, ngakhale kiyi ndi AES zikhale zomwezo.

ECB ndi dongosolo losavuta kuposa onse: chidutswa chilichonse chimabisidwa pachokha, mosayang'ana chinzake. Vuto lake lagona pomwepo. Zidutswa ziwiri zofanana zikalowa ndi kiyi imodzi, zimatuluka zofanananso. Wakuba sangawerenge zimene zili m'kati, koma amaona pamene chinthu chabwerezedwa. Chithunzi chokhala ndi malo aakulu a mtundu umodzi chikabisidwa motere, mitundu imasokonekera koma maonekedwe a chojambulidwacho amatsala poyera.

Kampani ya Adobe idakumana nazo mu 2013, pamene akuba adatulutsa mndandanda wa maakaunti oposa 150 miliyoni. Mapasiwedi adali obisidwa ndi 3DES, yomwe imadula mabaiti 8, mu dongosolo la ECB ndiponso ndi kiyi imodzi. Aliyense amene adasankha pasiwedi yofanana ndi ya mnzake adali ndi zilembo zobisika zofanana, ndipo `EQ7fIpT7i/Q=` idaoneka pafupifupi ka 1.9 miliyoni. Pambali pake padali mawu okumbutsira pasiwedi, osabisidwa n'komwe. Ofufuza adangosonkhanitsa mawu okumbutsira a anthu onsewo n'kuzindikira kuti pasiwediyo ndi `123456`, kiyi asanaipeze. Umu ndi momwenso ECB imazindikirikira: m'uthenga wobisidwa bwino, zidutswa ziwiri sizifanana mwangozi.

Dongosolo la CTR limathetsa kubwereza kumeneku. M'malo mobisa uthenga weniweniwo, AES imabisa nambala yowerengera imene imakwera pa chidutswa chilichonse, ndipo zotulukazo zimasakanizidwa ndi uthenga mwa masamu a XOR. Nambalayo imayambira pa nonsi, yomwe ndi nambala yogwiritsidwa ntchito kamodzi kokha. Zidutswa zofanana zimatuluka zosiyana.

Koma kubisa n'kwina, kuteteza kuti uthenga usasinthidwe n'kwinanso. Mu CTR, munthu akatembenuza biti imodzi ya uthenga wobisika, biti ya pamalo omwewo imatembenukanso uthenga ukamasulidwa. Tinene kuti lamulo lolipira ndalama lili ndi `10000`, ndipo wakuba akudziwa pamene nambalayo imakhala. M'kalembedwe ka ASCII, zilembo ziwirizi zimasiyana pa biti imodzi yokha:

```
1 = 00110001
9 = 00111001
```

Akatembenuza biti yachisanu kuchokera kumanzere, wolandira adzawerenga `90000`. Wakubayo sadafune kiyi, ndipo palibe chochenjeza wolandira.

GCM, imene David McGrew ndi John Viega adaikonza ndipo NIST idaivomereza mu 2007, imabisa ndi CTR yomweyo koma imaonjezera chidindo. AES imayamba yabisa chidutswa cha maziro okhaokha, ndipo chotulukacho, chotchedwa H, chimakhala nambala yachinsinsi. Kenako masamu a GHASH amatenga zidutswa zobisika chimodzichimodzi, kuphatikiza chilichonse ndi zotsatira za m'mbuyo n'kuchulukitsa ndi H, mpaka kumapeto pamene kutalika kwa uthenga kumalowanso. Chotsiriza chimaphimbidwa ndi nambala ina yochokera ku nonsi, n'kukhala chidindo cha mabaiti 16. Mbali zimene ziyenera kuyenda poyera, monga mutu wa uthenga, zingathenso kulowa m'chidindocho popanda kubisidwa.

Wolandira amawerengera chidindo chake n'kuyerekezera ndi chimene chabwera. Biti imodzi ija ikatembenuzidwa, zidindo sizigwirizana ndipo uthenga wonse umatayidwa. Wakuba sangakonze chidindo china chifukwa sadziwa H. N'chifukwa chake TLS 1.3, yomwe idatuluka mu 2018 ndipo imateteza mawebusaiti ambiri, imangolola njira zobisa zokhala ndi chidindo, kuphatikizapo GCM.

Pofooka pa GCM ndi pa nonsi, yomwe kawirikawiri imakhala ya mabaiti 12. Ikagwiritsidwa ntchito kawiri ndi kiyi imodzi, mauthenga awiriwo amaphimbidwa ndi chophimba chimodzi, moti wodziwa umodzi amawerenga unzakewo. Choopsa kwambiri n'chakuti poyerekezera zidindo ziwirizo angathe kupeza H, n'kuyamba kudinda mauthenga abodza. Zoterezi zimachitika mosavuta pamene makina azimitsidwa n'kuyambanso kuwerenga pa ziro. Kumene nonsi imasankhidwa mwamaere, NIST imalamula kuti kiyi imodzi isabise mauthenga opitirira 2^32, omwe ndi pafupifupi 4.3 biliyoni, isanasinthidwe.