Kalata ya penshoni ya ku Britain: zimene mzere uliwonse ukunena

Amalawi amene anapita ku Britain m'zaka za m'ma 2000 kukagwira ntchito za unamwino ndi zosamalira okalamba ayamba kufika msinkhu wopuma. Munthu akapempha penshoni ya boma, nthambi ya Department for Work and Pensions imamutumizira kalata yomuuza zomwe yagamula. Ambiri amangoyang'ana ndalama yalembedwa pamwamba n'kuponya kalatayo m'kabati, chonsecho nthawi yodandaulira ngati china chalakwika ndi mwezi umodzi wokha kuchokera pa tsiku lolembedwa pakalatapo.

Tiyerekeze mayi amene anagwira ntchito kumeneko zaka 20. Anakwanitsa zaka 66 pa 4 Juni 2025, koma anapempha penshoni mu Ogasiti, poti boma siliyamba kulipira lokha munthu asanapemphe.

Mzere woyamba kuuona ndi wa ndalama ya pa sabata. M'chaka cha boma cha 2025/26 penshoni yathunthu inali £230.25 pa sabata, ndipo kuti munthu ailandire yonse pamafunika zaka 35 zosonkha National Insurance. Wosafika zaka 10 nthawi zambiri salandira kanthu. Zaka 20 za mayiwa zikupereka magawo 20 mwa 35, omwe ndi £131.57. Ndalama ya m'kalata ikhoza kusiyanako ndi imeneyi, chifukwa zaka zomwe munthu anagwira 6 Epulo 2016 isanafike zimawerengedwa poyerekeza malamulo akale ndi atsopano. Koma kusiyana kukakhala kwakukulu, mpofunika kuitanitsa mbiri ya zosonkha zake n'kuwerenga zaka chimodzichimodzi, poti chaka chimodzi chikasowa ndiye kuti pafupifupi £6.58 yapita sabata iliyonse kwa moyo wonse.

Kenaka pali tsiku loyambira, lomwe ambiri amalisokoneza ndi tsiku lolembera kalata kapena lolandirira ndalama. Ili ndi tsiku limene ufulu wa penshoni wayambira kuwerengedwa. Mayiwa anali ndi njira ziwiri. Lamulo limalola kubweza pempho m'mbuyo mpaka miyezi 12, choncho akanapempha kuti penshoni iyambire pa 4 Juni. Akanathanso kuiyambitsa kumapeto kwa Ogasiti, masabata ochedwawo n'kuwerengedwa ngati kudikira dala, komwe kumawonjezera 1 peresenti pa masabata 9 alionse. Pa masabata 12, chowonjezeracho chikanakhala pafupifupi £1.75 pa sabata, ndipo pakanapita zaka 17 kuti chifanane ndi ndalama zomwe akanasiya. Anasankha kubweza m'mbuyo, ndipo pa masamu amenewa anachita bwino. Ngati kalata yalemba tsiku la mu Ogasiti pomwe iwo anapempha la mu Juni, pamenepo ndiye pofunika kudandaula msanga.

Ndalama zotsalira, zomwe ambiri amangoti maariyazi, munthu angathe kuziwerengera yekha ndi pensulo. Kuchokera pa 4 Juni mpaka 26 Ogasiti ndi masiku 84, kutanthauza masabata 12. Kuchulukitsa £131.57 ka 12 kukupereka £1,578.84, yomwe imabwera kamodzi ndipo ilibe chiwongoladzanja. Pambuyo pake penshoni imalipidwa masabata anayi alionse, ndipo imalipira masabata omwe adutsa kale. Mayiwa azilandira £526.28 ka 13 pa chaka, motero tsiku lake limasuntha pa kalendala ndipo siligwirizana ndi tsiku la lendi. Tsiku la pa sabata limatengera manambala awiri omaliza a National Insurance: awo akathera pakati pa 20 ndi 39, ndi Lachiwiri, ndiye malipiro otsatira afika pa 23 Seputembala.

Pa zodulidwa mpamene mitima imadumpha. Ngati boma linawalipirako mopyola pa thandizo lina m'mbuyomu, likhoza kumadula ngongoleyo pa penshoni. Tinene kuti ndi £10 pa sabata: ku banki kuzifika £486.28. Munthu ali ndi ufulu wofunsa komwe ngongoleyo inachokera, yomwe yatsala, ndiponso kupempha kuti azidula yocheperako ngati akuvutika. Msonkho sauchotsa pa penshoniyi, komabe penshoniyo imawerengedwa pa zopeza za pa chaka. Mayiwa akapitiriza ntchito, n'kudutsa £12,570 pa zonse pamodzi, a HMRC adzatenga msonkhowo pa malipiro a kuntchito, ndipo adzaona malipirowo atsika.

Pali chimodzi chomwe ndalama ya pa sabata ija siulula. Wokhala ku Britain penshoni yake imakwera Epulo aliyense, koma wobwerera kudzakhazikika ku Malawi, Zambia, Zimbabwe kapena South Africa amailandirabe osakwezedwa. Mayiwa akasamukira ku Zomba ili pa £131.57, ikhala pomwepo chaka ndi chaka, pokhapokha atabwereranso kukakhala ku Britain.