Kodi Android watsopano afufuta zithunzi ndi mauthenga?

Pafoni pakatuluka uthenga wakuti Android watsopano wafika, eni foni ambiri amaukankhira pambali kwa miyezi. Mantha awo ndi akuti akadina, zithunzi za ana, manambala a makasitomala ndi macheza a pa WhatsApp zithera pomwepo.

Sizifufutika. Malo osungira zinthu m'foni ya Android ndi ogawidwa: pulogalamu yoyendetsa foni ili ndi chipinda chakechake, katundu wa mwini foni ali m'china. Android watsopano wobwera kudzera mu Settings amangolowa m'chipinda choyambacho. Kuyambira pa Android 7.0 wa mu 2016, mafoni ambiri amachita kusunga pulogalamuyo pawiri, moti yatsopano ikakanika kudzuka foni imabwerera ku yakale.

Nanga amene amadandaula kuti zonse zinapita, zinawathera pati? Kawirikawiri chimawapweteka ndi chimene chinachitika pambuyo pake.

Tiyerekeze mayi wogulitsa zitenje amene foni yake ya Samsung ikuchoka pa Android 13 kupita pa 14. Walowa mu Settings, wadina Software update, kenako Download and install. Foni yakoka magigabaiti awiri kapena atatu, yazima, yayakanso. Apa ikufuna pini kapena chizindikiro chojambula ndi chala chija, chifukwa foni ikangoyaka kumene siyamba yalola chidindo cha chala. Mayiyo anazolowera kutsegula ndi chala, ndipo pini imene anamuikira mwana wake anaiiwala. Akapita nayo kwa okonza mafoni, njira imene amakhala nayo ndi ya Factory reset kapena kuifulasha. Factory reset imasesa chipinda chonse cha katundu, ndipo popeza zam'foni za masiku ano ndi zokhomedwa ndi pini yomweyo, sizibwezeka. Ikayaka imafunanso pasiwedi ya akaunti ya Google imene inalimo, chitetezo choletsa akuba chimene chinayamba ndi Android 5.1 mu 2015.

Zithunzi za mayiyu zaphedwa ndi pini yoiwalika. N'zomvetsa chisoni chifukwa kuyesa piniyo asanadine kukanamutengera mphindi imodzi yokha. Kubwezera foni ku Android wakale nakonso kumafufuta zonse, choncho wosakondwa ndi maonekedwe atsopano asathamangire kwa okonza.

Ngakhale ngozi yake ndi yochepa, foni ikhoza kukakamira pa dzina la kampani osapitirira, ndiye ndi bwino kusungiratu zinthu kwina. Manambala savuta. Mwini foni atsegule contacts.google.com ndi akaunti yake. Mayina amene akuoneka kumeneko ali pabwino, ndipo amene sakuoneka ndiye kuti ali m'foni mokha kapena pa simu khadi. Amenewo angatulutsidwe podina Export mu Contacts, zimene zimapanga kafailo ka .vcf kotha kusungidwa pa memore khadi.

Pa zithunzi pali msampha. Kuziona mu Google Photos sikutanthauza kuti zinakwera pa intaneti, pakuti pulogalamuyo imaonetsanso zimene zili m'foni mokha. Podina kachithunzi ka akaunti pamwamba m'pamene foni imanena ngati kusungako kunatha kapena n'kozimitsidwa. Google imapereka magigabaiti 15 aulere, ogawana pakati pa Gmail, Drive ndi Photos, ndipo kuyambira pa 1 Juni 2021 chithunzi chilichonse chatsopano chimadya malo amenewa. Akadzaza, kusunga kumaima. Kwa amene bandulo imamuvuta, kukopera chikwatu cha DCIM pa kompyuta ndi chingwe sikudya deta ngakhale pang'ono.

WhatsApp ndiye wofunika kusamala naye kwambiri, chifukwa kampaniyo sisunga mauthenga amene anafika kale kwa mwini wake. Amakhala m'foni. Njira ndi kulowa mu Settings ya WhatsApp, kudina Chats, kenako Chat backup, n'kuyang'ana tsiku limene anasungidwa komaliza ku akaunti ya Google. Ngati ndi lakale, adine Back up, adikire mpaka amalize. Kuyambira mu 2024 macheza amenewa nawonso amawerengedwa m'magigabaiti 15 aja, ndipo kusiya mavidiyo kunja kumachepetsa kwambiri kukula kwake. Ogwiritsa ntchito GB WhatsApp, yemwe si wa kampani yeniyeni, asadalire njirayi.

Zikatere, batire ikhale yopitirira theka kapena foni ikhale pa chaja, ndipo m'foni mukhale malo okwanira. Ikayamba kulowetsa Android watsopano isazimitsidwe mokakamiza ngakhale ioneke ngati yaima. Pa tsiku loyamba kapena lachiwiri ikhoza kutentha ndi kutha batire msanga pamene ikukonzanso mapulogalamu ake, ndipo zithunzi zikachedwa kuoneka mu Gallery, poyamba aziyang'ane mu DCIM asanaganize zopita nayo kwa okonza.