Kusintha kumbuyo kwa chithunzi: kalata yonena mtengo ndi masiku

Tiyerekeze kuti mayi wina ali ndi chithunzi cha ukwati wake. Iye ndi mwamuna wake anaoneka bwino, koma kumbuyo kwawo kukuoneka mpanda wamalata ndi minibasi. Akufuna kumbuyoko kukhale munda wamaluwa, chithunzicho achiike m'fulemu pabalaza. Watumiza uthenga ku situdiyo yaing'ono ya m'tauni kufunsa mtengo ndi tsiku lokatenga. Wojambula wodziwa ntchito sangoyankha kuti "bwerani mawa". Amayamba wachiona chithunzicho, kenako n'kulemba kalata. Mitengo ili m'munsimu ndi yongoperekera chitsanzo.

Kalatayo ikhoza kuyamba motere: "Mayi, zikomo potitumizira chithunzi chanu. Kuchotsa kumbuyo kwa munthu mmodzi n'kuikapo mtundu umodzi, monga woyera, timachita K5,000. Chanuchi chikwana K18,000 chifukwa muli anthu awiri, mwavala velo, ndiponso mukufuna munda wamaluwa."

Ambiri amadabwa kuona mtengo ukukwera chonchi. Amayesa ndalamayo ndi yogulira munda wamaluwawo, pomwe kupeza mundawo ndi ntchito ya mphindi zochepa. Nthawi imathera m'mphepete mwa munthu. Suti ya bambo ndi yosavuta, chifukwa mapewa ndi manja ake ndi osalala, ndipo wojambula amangotsata mzere wake ndi Pen Tool mu Photoshop. Velo ndiye imavuta. Nsalu yake ndi yoonekera mkati, choncho mpanda wamalata uja ukuonekeranso m'veloyo. Akaidula ngati suti, mkwatibwi amaoneka ngati wavala pepala. Akaisiya, malata amatsalira pakati pa maluwa. Ayenera kufufuta pang'onopang'ono, kuti munda watsopano uzionekera m'nsaluyo monga ankaonekera malata. Tsitsi nalo ndi chimodzimodzi: la mesh kapena wigi lili ndi timizere touluka tofunika kutisunga, apo ayi mutu umaoneka ngati wadulidwa ndi lumo.

Akatha kudula, pamatsala kuwala. Ngati dzuwa linkawomba nkhope kuchokera kumanzere, munda wosankhidwawo nawo ukhale wowala kuchokera kumanzere. Pansi pa nsapato pamafunikanso kujambulapo mthunzi, chifukwa popanda mthunziwo anthu amaoneka ngati akuyandama.

Ndime yachiwiri ya kalata imapempha chithunzi chenicheni: "Chimene mwatumizachi chachepa. Mutitumizire cha kwa amene anakujambulani, ndipo pa WhatsApp musankhe Document." Apa wojambula sakuvutitsa kasitomala. Chithunzi cha pa foni chimapangidwa ndi timadontho totchedwa mapikiselo, ndipo kuti chisindikizidwe bwino pamafunika timadontho pafupifupi 300 pa inchi iliyonse. Pepala la A4, lomwe ndi masentimita 21 m'lifupi ndi 29.7 m'litali, limafuna mapikiselo 2480 m'lifupi ndi 3508 m'litali. Chithunzi chotumizidwa mwachizolowezi pa WhatsApp chimachepetsedwa, kawirikawiri kufika pa mapikiselo 1600 m'litali, omwe ndi okwanira kachithunzi ka masentimita 13 okha. Chikakulitsidwa, m'mphepete mwa velo mumasanduka timabokosi, ndipo podula sipaoneka.

Kenako pamabwera masiku: "Ntchitoyi itenga masiku atatu ogwira ntchito, kuwerenga kuyambira tsiku limene talandira chithunzi chenicheni ndi theka la ndalama, K9,000, pa Airtel Money kapena Mpamba. Mukafuna kuti ithe m'maola 24, muwonjezerapo K6,000." Mikangano yambiri imayambira pa mawu akuti "kuwerenga kuyambira" akasowa m'kalata. Kasitomala amawerenga kuyambira Lolemba pamene anafunsa mtengo, wojambula amawerenga kuyambira Lachinayi pamene dipoziti inalowa. Ntchito yeniyeni ingakhale ya maola atatu kapena anayi, koma pali ena amene ali kale pamzere, magetsi amatha kuzima, ndipo kasitomala ayenera kuona kaye chitsanzo asanasindikize.

Ndime yomaliza imaika malire: "Tikutumizirani chitsanzo chokhala ndi chidindo chathu. Kukonza zimene simunakhutire nazo ndi kwaulere kawiri. Mukasintha maganizo n'kufuna nyanja m'malo mwa munda, imeneyo ndi ntchito ina ya K7,000. Kusindikiza ndi fulemu sizili mu mtengowu." Nyanjayo ndi yotsikirapo mtengo chifukwa kudula kunachitika kale, koma si yaulere popeza kuwala ndi mthunzi ziyenera kuyambidwanso.

Chitsanzocho chikafika, mayi aja asathamangire kusirira maluwa. Achikulitse pa foni, aone m'mphepete mwa tsitsi ngati mulibe kamzere kotuwa ka malata aja, aone m'velo ngati mukuonekera maluwa, kenako aone pansi pa nsapato. Malo atatuwa akakhala bwino, ndiye atumize K9,000 yotsalayo.