Mawu angati pa masekondi 30?

Kanema wotsatsa malonda wa masekondi 30 salandira mawu ambiri. M'Chingerezi wowerenga amatha mawu pafupifupi 150 pa mphindi, ndiye kuti 75 pa masekondi 30. Koma wolemba Chichewa akatengera chiwerengero chimenechi wagwa nayo, chifukwa mawu athu ndi ataliatali. Taganizani "tikakuthandizani": liwu limodzi, maphatikizo 7.

Choncho werengani maphatikizo. Tiyerekeze kuti wowerenga wanu, mutamuyesa ndi wotchi, akutchula maphatikizo 5 pa sekondi. Chotsani masekondi 2 oyambira nyimbo ndi 3 a chizindikiro cha kampani kumapeto. Atsala 25, maphatikizo 125, mwina mawu 45 okha.

Tsopano zithunzi. Ngati mwakonza zodula kanemayo m'zigawo 5 za masekondi 5, chiganizo chilichonse chisapitirire maphatikizo 22, kuti munthu apeze popumira chithunzi chisanasinthe. Mukaphonya apa, mawu amakamba za feteleza pomwe owonera akuona kale chimanga chili m'nkhokwe.

Ena amangofulumizitsa mawu pakompyuta. Khutu limazindikira msanga. Fupikitsani chiganizocho, muwerengenso mokweza wotchi ili m'manja.