Tsamba la bizinesi lapita ndi amene analitsegula: mungalibweze bwanji?

Azakhali anga ali ndi malo opangira masofa ndi makabati ku Mchesi mumzinda wa Lilongwe. Tsiku lina kunabwera mayi wina nkhope ili gwaa. Anati, "Mayi, ndakulemberani katatu konse pa Facebook osandiyankha. Kodi ndalama zakukwanani?" Azakhali anangoti kukamwa yasa. Tsamba la shopu yawo linali ndithu pa Facebook, zithunzi za masofa zili mbwee, koma iwo anali asanalowemo chilitsegulireni. Analitsegula ndi mnyamata amene ankawathandiza kulemba malisiti, ndipo panthawiyi n'kuti atapita ku Joni miyezi ingapo m'mbuyomo.

Funso loyamba limene anandifunsa ndi limene aliyense amafunsa: "Pasiwedi ya pejiyo tingaipeze kuti?" Apa ndi pamene ambiri timasocherera. Tsamba la bizinesi pa Facebook lilibe pasiwedi yakeyake. Limayendetsedwa kudzera mu akaunti ya munthu, ndipo munthuyo akalowa mu akaunti yake ndi pamene amatha kudumphira patsambalo. Lili ngati chipinda cha m'nyumba ya mwini wake, chopanda khomo lotulukira panja. Ngakhale dzina la shopu likhale lanu, katundu wa pazithunzi akhale wanu, kwa Meta, kampani imene ndi mwini wa Facebook, wolamulira ndi yekhayo amene akaunti yake ili ndi mphamvu patsambalo. Choncho ntchito yobweza tsamba imayambira pa munthu uja.

Musanathamange kukamusaka, fufuzani kaye kunyumba. Nthawi zina mwini bizinesi kapena mwana wake anapatsidwako kale mphamvu koma anaiwala. Aliyense amene anaikapo chithunzi patsambalo alowe mu akaunti yake, aone ngati dzina la shopu likuoneka pamndandanda wa masamba amene amayendetsa. Alowenso pa business.facebook.com, chifukwa masamba ena amakhala pansi pa chimene Meta imachitcha business portfolio, chomwe kale chinkatchedwa Business Manager. Ichi chili ngati thumba la kampani losungiramo masamba ndi akaunti zotsatsira malonda. Ngati tsamba lili m'thumba limeneli ndipo wina wa inu ali ndi mphamvu zonse pathumbalo, vuto latha: akhoza kudzipatsa yekha tsambalo popanda kupempha aliyense. Kwa azakhali tinafufuza, osapeza kanthu.

Mnyamata uja tinamupeza kudzera kwa amayi ake ku Kawale. Ndinene pano kuti anthu ambiri amaononga nkhani pa sitepe imeneyi. Amayamba ndi kuopseza, kutchula apolisi, kulemba pagulu kuti wawabera peji. Munthu amene ali ndi mphamvu zonse patsamba akhoza kulisintha dzina kapena kulifufuta ali khale kumene aliko, ndiye si wanzeru amene amamuputa asanalandire makiyi. Azakhali anamuimbira mwaulemu. "Mwanawe, uli bwanji kumeneko? Makasitomala akundivuta kuno, tandithandiza." Iye sanavute ngakhale pang'ono. Vuto linali lakuti nayenso sankatha kulowa mu akaunti yakale ija. Foni anamubera atangofika, pasiwedi anaiiwala, ndipo anali atatsegula kale akaunti ina.

Apa ntchito inasanduka yobweza akaunti ya mnyamatayo. Khomo lake ndi facebook.com/login/identify. Mumalembapo nambala ya foni kapena imelo imene akauntiyo inatsegulidwira, ndipo Facebook imakuonetsani kumene ingatumize nambala yachinsinsi yosinthira pasiwedi, itabisa zilembo zina. Kwa iye kunaoneka njira ziwiri: nambala yake yakale ya ku Malawi, ndi imelo imene anatsegula ali kusukulu.

Nambala ya foniyo ndi imene imagwetsa anthu ambiri kwathu kuno. Simu khadi ikatayika koma nambala idakali m'dzina lanu, mumangopita ku ofesi ya kampani ya foni ndi chiphaso cha unzika, n'kukupatsani khadi ina ya nambala yomweyo. Ameneyu ayenera kupita ndi mwini wake amene anailembetsa, osati abwana ake. Koma nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani imaitseka ndipo pambuyo pake imatha kuigulitsa kwa munthu wina. Zikatero uthenga wa Facebook umakagwera m'foni ya mlendo. Mungadziwe poimba nambalayo: akayankha munthu wachilendo, njira imeneyo muisiye. Ife tinaimba, ndipo sinkapezeka n'komwe. Mwayi unali pa imelo. Mnyamatayo ankaikumbukirabe pasiwedi yake chifukwa ndi imene ankafunsira ntchito. Nambala yachinsinsi inafika kumeneko, n'kusintha pasiwedi, n'kulowa.

Akanakhala kuti akauntiyo anachita kumulanda akuba a pa intaneti, n'kusintha imelo ndi nambala, khomo likanakhala lina, facebook.com/hacked. Pamenepo zimathandiza kwambiri kuyesa pa foni kapena kompyuta imene munthuyo ankalowera kale, chifukwa Facebook imazindikira zipangizo zimene inazolowera, ndipo nthawi zina imapempha chithunzi cha chiphaso. Dzina la pa chiphasocho liyenera kufanana ndi la pa akaunti. Amene anatsegula akaunti ndi dzina losemphana ndi lake, kapena ndi dzina la shopu, amavutika pamenepa.

Atalowa, chotsatira chinali kupereka mphamvu kwa azakhali. Musalole kuti akutumizireni pasiwedi yake kuti muzilowera mu akaunti yake. Kumeneko n'kubwereka makiyi, ndipo Facebook ikaona munthu mmodzi akulowa ku Johannesburg ndi ku Lilongwe nthawi imodzi imatha kutseka akauntiyo kuti ifufuze. Njira yoyenera ndi yakuti iye adumphire patsamba la shopu, apite ku Settings, kenako Page setup, kenako Page access. Pagawo la People with Facebook access adine Add New, alembe dzina lanu, n'kukusankhani. Meta imasinthasintha malo a mabatani amenewa, koma mawu oti muziwasaka ndi Page access.

Ife tinalakwitsa pomwepa. Asanamalize, pamakhala kabatani kolembedwa Allow this person to have full control, ndipo kamayamba kali kozimitsa. Mnyamata uja sanakayatse. Azakhali analandira uthenga wowaitana, anavomera, n'kuyamba kuyankha makasitomala ndi kuika zithunzi. Tonse tinkati zatheka. Nditatenga foni yawo kuti ndiwonjezere mwana wawo wamkazi, ndinapeza kuti sizikutheka. Chizindikiro chake n'chimenecho: ngati simungathe kuwonjezera kapena kuchotsa munthu, ndiye kuti mwapatsidwa mphamvu zogwirira ntchito chabe, tsamba likadali m'manja mwa uja. Tinamuimbiranso, n'kubwereza zonse kabatani kaja atakayatsa, ndipo Facebook inamufunsa pasiwedi yake kuti atsimikize.

Tsiku lomwelo tinapezanso kuti batani la WhatsApp la patsambalo linkapitabe ku nambala yakufa ija. Ndi makasitomala angati amene anadina pamenepo n'kubwerera? Tinalisintha. Muonenso ngati pali akaunti ya Instagram yolumikizidwa, komanso ngati pali khadi la kubanki la munthu wina pa zolipirira malonda.

Nanga munthuyo akakana, kapena akasowa osadziwika kumene ali? Chatsala ndi kukadandaula kwa Meta kuti ikupatseni ulamuliro wa tsambalo. Njirayi ndi yotopetsa, ndipo yankho silikhala lotsimikizika. Polowera pake ndi pa Meta Business Help Center, ndipo amene amapeza msanga mpata wolankhula ndi ogwira ntchito kumeneko ndi amene ali ndi akaunti yotsatsira malonda olipira. Musanayambe, konzani mapepala. Pamafunika chiphaso chanu cha boma chokhala ndi chithunzi. Pamafunikanso zikalata zosonyeza kuti bizinesiyo ndi yanu, monga satifiketi yolembetsera bizinesi kuboma ndi chikalata cha msonkho cha ku MRA. Chachikulu ndi kalata yosainidwa yofotokoza kuti ndinu ndani pabizinesipo, dzina ndi adiresi ya tsambalo, amene ankaliyendetsa ndi mmene anachokera, akaunti imene mukufuna kuti ipatsidwe mphamvu, ndi mawu otsimikiza kuti zimene mwalemba n'zoona. Ndi bwino kalatayi ikadindidwa ndi loya kapena wolumbiritsa anthu. Nambala yozindikiritsa tsambalo mumaipeza pa About, pagawo la Page transparency, pamene pamaonekanso tsiku limene linatsegulidwa.

Chimene chimagwetsa madandaulo ambiri ndi kusiyana kwa maina. Pa Facebook palembedwa dzina limene makasitomala amalidziwa, pomwe pa satifiketi pali dzina lina. Woona nkhaniyo ali kutali, sadziwa Mchesi, amangoyerekeza mapepala. Ngati maina akusiyana, fotokozani m'kalatamo chifukwa chake, ndipo muphatikizepo chikalata chosonyeza maina onsewo pamodzi.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amachita mopupuluma n'kutaya tsamba kotheratu. Ena amauza anzawo kuti alinenere kwa Facebook kuti ndi labodza kapena laba dzina. Dandaulo lotere likamveka, tsambalo limachotsedwa, silisamutsidwira kwa inu, ndipo anthu onse amene ankalitsatira amapita nalo limodzi. Chinacho n'chomvetsa chisoni, chifukwa chimachitika pamaliro. Woyendetsa tsamba akamwalira, achibale amatha kupempha Facebook kuti akaunti yake isanduke yachikumbutso. Ikatero palibenso amene angalowemo, ndipo malamulo a Facebook amati tsamba limene malemuyo ankaliyendetsa yekha limachotsedwa. Choncho kambiranani ndi anamfedwa mwaulemu kuti nkhani ya tsambalo ithe kaye asanapereke pempho limenelo.

Pa nthawi yonseyi adzakupezani anthu odzitcha akatswiri obweza mapeji, ena n'kumalemba pa Messenger ngati ndi a Meta. Adzakuuzani kuti mutumize ndalama pafoni, kapena muwauze nambala yachinsinsi imene yangofika. Nambala imeneyo ndiyo kiyi wa akaunti yanu, mukaipereka mwataya ziwiri. Ndipo kulemba munthu ganyu yothyola akaunti ya wantchito wakale, ngakhale tsambalo likhale la shopu yanu, kungakuikeni inuyo pamlandu, chifukwa lamulo la dziko lino la 2016 loona za malonda ndi chitetezo cha pa intaneti limaletsa kulowa m'makina a munthu popanda chilolezo.

Zonse zikakanika, tsegulani tsamba latsopano. Dzina lofanana ndi lakale ndi lololedwa, kungoti dzina lachidule loyamba ndi @ limakhala lotengedwa kale. Lembani pansi pa zithunzi za tsamba lakale kuti mwasamuka, ndipo muuze makasitomala pa WhatsApp ndi pachikwangwani cha pashopu.

Tsamba la azakhali pano lili ndi anthu awiri a mphamvu zonse, iwowo ndi mwana wawo. Mtsikana amene amajambula masofa anangopatsidwa mphamvu zoika zithunzi ndi kuyankha mauthenga. Onse anayatsa Two-factor authentication, loko wachiwiri amene amafuna nambala yapadera kuwonjezera pa pasiwedi, ndipo manambala osungira a Recovery codes azakhali anawalemba papepala n'kuwaika m'faelo imodzi ndi satifiketi ya bizinesi. Mnyamata uja anadzichotsa yekha patsambalo madzulo omwewo, atapempha kuti akadzabwera pa Khirisimasi adzamugulitse kabati pamtengo wachibale.