Kalata ya mayi kwa mwana amene walowa usilikali

Mwana akapita kutauni kukagwira ntchito yam'sitolo, mayi ake akhoza kumuimbira foni madzulo aliwonse. Akadwala amamulondola, maliro akagwa amamuitanitsa, ndipo mawa lake amakhala atafika. Mwana amene walowa usilikali nkhani yake ndi ina. Akangodutsa pachipata, nthawi yake si yakenso. Kudzuka, kudya, kusamba ndi kugona, zonse zimayendera lamulo, ndipo m'miyezi ya maphunziro oyamba foni si chinthu chimene amangosolola m'thumba pamene wafunira. Apa ndiye kalata yapapepala, imene ambiri tinaiiwala kale, imapezanso ntchito. Siilira batire kapena netiweki, ndipo mnyamata akhoza kuiwerenga mobwereza usiku uliwonse mpaka mopindamo mutang'ambika. N'chifukwa chake mayi ayenera kulingalira bwino zoikamo.

Tiyambe ndi kumene kalatayo ikupita. Achinyamata ambiri olembedwa m'gulu la asilikali a dziko la Malawi amaphunzira ntchitoyi ku koleji ya asilikali ya MAFCO ku Salima, ndipo maphunziro oyamba amatenga pafupifupi miyezi 6. Akamaliza amagawidwa kumalo osiyanasiyana: ena ku Kamuzu Barracks ku Lilongwe, ena ku Cobbe Barracks ku Zomba, ena ku Moyale Barracks ku Mzuzu, enanso kwa asilikali apamadzi ku Monkey Bay. Mwana sasankha yekha kopita. Choncho mayi akalemba kuti "upemphe akuike kufupi ndi kwathu," akumusenzetsa chinthu chimene sangathe, ndipo mnyamatayo amangotsala ndi chisoni choti walephera kumvera mayi ake.

Salima ndi kunyanja, kotentha, kwa udzudzu. Mwana wokulira kozizira ngati ku Dedza amakapeza dzuwa limene sanalizolowere, atavala jombo zatsopano zimene zimatulutsa matuza, akuthamanga m'bandakucha, akuguba paperete, akukalipiridwa ndi aphunzitsi pa zinthu zimene kwawo palibe akanaziona ngati mlandu, monga bedi losayala bwino. Masabata oyambirira ndiwo owawa kwambiri, chifukwa thupi limakhala lisanazolowere ndipo anzake sanawadziwe. Maganizo obwerera kumudzi amabwera nthawi imeneyi, ndipo kalata yoyamba ya mayi imafikanso nthawi yomweyi.

Tiyerekeze mayi wina wa ku Dedza, mwana wake wa mfunda wa Phiri walowa maphunziro mvula ili pafupi. Pakhomo pachitika zinthu zinayi. Mphepo yasasula denga la khitchini. Mlongo wake wa Fomu 3 sanamalize kulipira fizi. Agogo ake anagona kuchipatala masiku angapo ndipo atuluka. Komanso anthu akunong'onezana kuti chibwenzi chake chinaoneka pamsika ndi mnyamata wina. Mtima wa mayi umafuna kukhuthula zonse zinayi, chifukwa mwanayu ndiye anali wodandaulira pakhomopo. Koma funso loyenera kudzifunsa pa nkhani iliyonse ndi limodzi: akaimva, angachitepo chiyani ali kumeneko?

Za denga sangachitepo kanthu, choncho zilembedwe pokhapokha zitakonzedwa. Za fizi zikulira ndalama, ndipo apa ndi pamene makalata ambiri amalakwika. Kumudzi timaganiza kuti wavala yunifolomu ndiye kuti walemera. Zoona zake n'zakuti mwanayu ali pansi penipeni pa maudindo onse a usilikali, ndipo malipiro a udindo wapansi ndiwo ochepa kuposa onse. Mnyamata amene kalata iliyonse ikumukumbutsa za feteleza, fizi ndi ngongole ya kubanki m'khonde, akadzayamba kulandira amathamangira kwa akatapila kuti asachite manyazi kwawo, ndipo amayamba ntchito ali kale m'ngongole. Nkhani ya ndalama idikire adzabwere patchuthi, mukakhale pansi maso ndi maso, iye anene yekha zimene angakwanitse pamwezi.

Za agogo zilembedwe, koma zathunthu. Kulemba kuti "agogo ako sali bwino" n'kusiyira pomwepo ndi nkhanza, ngakhale mayi sanafune kutero, chifukwa munthu amene sangaimbe foni kuti afunse amadzaza yekha mpata wotsalawo ndi maliro. Nenani matenda ake, nenani kuti anapita kuchipatala, nenani mmene alili tsiku limene mukulembalo. Za chibwenzi zija zisalowe n'komwe. Ndi zamveka, mayi sanaone ndi maso awo, ndipo mnyamata amene mawa akukaphunzira kuwombera ndi zipolopolo zenizeni safunika kugona akusinkhasinkha za pamsika.

Nkhani zikasefedwa motere, kalata ija ikhoza kumveka chonchi:

"Wokondedwa mwana wanga Phiri, kuno tonse tili bwino, kaya iwe kumeneko. Mvula yoyamba yagwa ndipo munda wakudambo tadzala kale, atsibweni ako ndiwo anatithandiza mizere imene unasiya. Agogo ako anadwala malungo, tinapita nawo kuchipatala, anamaliza mankhwala ndipo dzulo anasenda okha mtedza pakhonde. Akuti ndikuuze kuti adzavina tsiku lomaliza maphunziro ako. Mbuzi yako ija yaswa awiri. Ndikudziwa kuti kumeneko n'kowawa, ndipo sindikunamiza kuti sindikusowa. Koma ntchitoyi unaisankha wekha ndipo ine ndinavomera, walira mvula walira matope. Usade nkhawa ndi zapakhomo, tikukwanitsa. Uzigona m'neti, uzimwa madzi ambiri, ndipo phazi likatupa kapena thupi likatentha usabise, kanene kuchipatala chanu. Uwamvere akuluakulu ako, ugwirizane ndi anzako. Ndimakupempherera m'mawa uliwonse. Ndatha ine mayi ako."

Taonani kuti kalatayi sinabise chikondi. Ena amalangiza amayi kuti asaonetse n'komwe kuti akumusowa mwana, poopa kumufooketsa. Ine sindigwirizana nazo. Mwana amawadziwa mayi ake, ndipo kalata youma ngati ya ku ofesi imamupangitsa kuganiza kuti pali chimene akumubisira. Kusiyana kuli apa: "ndikukusowa" ndi mawu olimbikitsa, pamene "chichokereni iwe sindikudya, sindikugona" ndi mawu omuitana kuti abwerere. Ndipo kubwerera kwa msilikali sikufanana ndi kusiya ganyu. Kuchoka pamalo popanda chilolezo ndi mlandu pa malamulo a usilikali, ndipo kuthawiratu ndi mlandu waukulu koposa. Mayi amene walemba molira mpaka mwana n'kudumpha mpanda wamutayitsa ntchito, wamuikanso pamlandu.

Langizo lija lonena za kusabisa matenda lisaoneke laling'ono. Achinyamata ambiri pamaphunziro otere amaopa kuti akadandaula aoneka ofooka kapena abwezedwa kumudzi, choncho amapirira chilonda mpaka chitatukusira, kapena malungo mpaka atagwa paperete. Mawu a mayi akuti "kanene" amamumasula, chifukwa munthu amene akuopa kumukhumudwitsa kwambiri ndi mayi akewo.

Nanga kukagwa zovuta zenizeni, monga maliro a bambo ake kapena m'bale wake wa bere limodzi? Uthenga wotere si wa m'kalata. Kalata imachedwa, ndipo imamupeza munthu ali yekha. Atsibweni kapena wamkulu wina wa pabanja adziwitse akuluakulu a kumene mwanayo ali, kudzera pa nambala kapena njira imene banja linapatsidwa pomuperekeza. Gulu la asilikali lili ndi abusa ndi ansembe ake amene amadziwa kufikitsa uthenga wotere, ndipo akuluakuluwo ndiwo ali ndi mphamvu yopereka chilolezo chopita kumudzi. Akapanda kuloledwa, banja lisamuimbe mlandu wakuti wataya chibale.

Pali zinanso zimene mayi sayenera kufunsa. Kufunsa ngati akudya bwino n'koyenera. Koma kufunsa kuti muli angati, mukunyamuka liti, mukupita kuti, mwanyamula zida zanji, ndiko kumuika pakati pa mayi ake ndi lamulo la ntchito yake. Akayankha mwachidule si mwano, waphunzitsidwa kutero. Chimodzimodzinso zimene walemba yekha si zokalengeza pachitsime kapena kujambula n'kumwaza pafoni. Chenjezo limeneli limateteza ndi mayi omwe: munthu wachilendo akaimba foni kuti mwana wanu wavulala, tumizani ndalama msanga, kapena kuti perekani kenakake kuti asachotsedwe pamaphunziro, musatumize. Akuluakulu a asilikali akhala akuchenjeza kuti kulowa usilikali sikulipiritsa. Wakuba wotere amadalira dzina la mwana ndi malo amene ali, zomwe nthawi zambiri amazitola kwa abale omwe.

Mantha aakulu a mayi aliyense, ngakhale sawatchula, ndi imfa. Sitinganame kuti mantha amenewa alibe maziko. Asilikali a Malawi analondera njanji ya ku Nacala pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, ndipo kuyambira 2013 akhala akutumizidwa kum'mawa kwa dziko la Congo. Mu Novembala 2018 asilikali athu 6 anaphedwa pa nkhondo kufupi ndi tauni ya Beni. Mmodzi mwa iwo, Chancy Chitete, anaomberedwa akupulumutsa msilikali mnzake wa ku Tanzania amene anavulala, ndipo mu 2019 bungwe la United Nations linapereka kwa banja lake mendulo yaulemu ya Captain Mbaye Diagne. Ntchito yomweyi ndiyonso inatumiza asilikali kukavuula anthu m'matope ndi m'madzi pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Mwana amene walowa usilikali akuzidziwa zonsezi kuposa mayi ake. Safunika kukumbutsidwa kuti akhoza kufa. Chimene sangachipeze kwa sajeni kapena kwa mnzake wogona naye chipinda chimodzi ndi mawu akuti kwawo avomereza njira imene wasankha. Mantha aja mayi akawatule kwa anzawo a kumpingo kapena kwa amayi ena amene ana awo anavala kale jombo.

Amayi ambiri m'midzi mwathu salemba okha, amauza mdzukulu kapena mphunzitsi kuti awalembere. Wolembayo alembe mawu a mayiwo monga akutulukira, m'chinenero chimene amayankhula ndi mwana wawo, osawakometsa ndi Chingerezi kapena kuwonjezera zopempha zake. Akamaliza awawerengere mokweza kuti amve ngati ndi zomwe ananena. Pamwamba pa kalata alembe tsiku, kuti mnyamata adziwe kuti nkhani ya agogo ija ndi ya liti. Pa envulopu alembe dzina lonse monga lilili pa chiphaso chake, osati lapakhomo, pamodzi ndi nambala yake ya usilikali ngati anapatsidwa kale ndi gulu limene alimo, chifukwa a Phiri ndi a Banda pamalo otere amakhala ambirimbiri. Ndalama zisaikidwe mu envulopu, ndipo musanatumize phukusi la chakudya kapena mankhwala funsani kaye ngati n'zololedwa.

Yankho likachedwa musaleke kulemba, ndipo kalata yachiwiri isayambe ndi madandaulo akuti watiiwala. Munthu amene wathamanga kuyambira m'bandakucha amagona cholembera chili m'manja. Inu mayi, lemberaninso sabata ikubwerayi, ngakhale nkhani imene muli nayo ikhale ya mbuzi ndi mvula yokha.