Kalata ya penshoni yafika: yambani ndi tsiku, osati ndalama

Munthu akalandira kalata yomudziwitsa za penshoni yake, maso amathamangira pansi penipeni pamene palembedwa ndalama yomwe ilowe ku banki. Koma nambala imeneyo imachokera ku mizere ya pamwamba, ndipo ngati mzere umodzi wapotoka, ndalamayo yapotokanso.

Yambani ndi dzina, nambala ya pantchito, giredi, tsiku lolembedwa ntchito ndi malipiro omaliza. Kwa ogwira ntchito m'boma akale, omwe penshoni yawo imadzera ku ofesi ya Akauntanti Jenerale, zaka zimene munthu wagwira ndi malipiro ake ndizo maziko a penshoni ya mwezi ndi mwezi komanso ndalama yolandira kamodzi ija, imene ambiri amaitcha giratuwiti. Ngati munakwezedwa giredi chakumapeto koma kalata yokukwezani sinalowe m'failo, kalata ya penshoni idzaonetsa malipiro akale. Ikani peyisilipi yanu yomaliza pambali pa kalatayo, muone ngati zikugwirizana.

Kenako pamabwera mzere umene ine ndimauona kuti ndi wofunika kuposa yonse: tsiku loyambira penshoni. Kalata imakhala ndi masiku angapo, ndipo anthu amawasokoneza. Pali tsiku limene kalatayo inalembedwa, tsiku limene munapuma ntchito, ndi tsiku limene penshoni inayamba kuwerengedwa. Loyambalo silikhudza ndalama ngakhale pang'ono. Lachitatulo liyenera kutsatana ndi lachiwiri popanda mpata. M'boma munthu amapuma akakwana zaka 60, choncho ngati tsiku lobadwa la m'failo likusiyana ndi la pa chiphaso cha unzika, vuto limayambira pomwepo.

Tiyeni tiwerenge ndi chitsanzo chongoyerekeza. Mphunzitsi wapuma ntchito pa 31 Malichi 2024, ndipo penshoni yake ya K180,000 pa mwezi ikuyamba pa 1 Epulo. Mapepala achedwa, kalata yatuluka mu Novembala, ndipo akuti ayamba kulandira mwezi ndi mwezi mu Disembala. Maariyasi, ndiye kuti ndalama za m'mbuyo zomwe sanalandire, ndi za Epulo mpaka Novembala. Werengani ndi zala, musachite manyazi, chifukwa ambiri amachotsera 4 pa 11 n'kupeza miyezi 7, pomwe miyeziyo ndi 8. Ndalama yake ndi K1,440,000. Ngati penshoni inakwezedwa pakati pa nthawiyi, maariyasi ayenera kuoneka m'zigawo ziwiri, miyezi ya mtengo wakale ndi miyezi ya mtengo watsopano.

Tsopano zodula. Kawirikawiri zimakhala ngongole kapena adivansi yomwe sinathe kubwezedwa, lendi ya nyumba ya kuntchito, ndiponso malipiro amene anapitiriza kulowa munthu atapuma kale. Mphunzitsi wathuyu dzina lake linachedwa kuchotsedwa pa mndandanda wa malipiro, ndiye analandirabe K320,000 mu Epulo ndi K320,000 ina mu Meyi. Ndalama imeneyo si yake, ndipo idulidwa: K640,000. Pa adivansi panatsala K95,000. Zonse zikachotsedwa pa maariyasi, atsala ndi K705,000. Zimapweteka, koma masamu ake ndi oona.

Apa ndi pamene tsiku lija limabweranso. Tiyerekeze kuti wokonza kalata, poona kuti malipiro anasiya kulowa mu Meyi, walemba kuti penshoni ikuyamba pa 1 Juni, koma wadulanso K640,000 ija. Mphunzitsiyu wadulidwa kawiri: malipiro a miyezi iwiriyo abwezedwa, penshoni ya miyezi yomweyonso sanapatsidwe. Wataya K360,000, ndipo pa kalatayo palibe mzere umene ukunena zimenezo. Chizindikiro chake n'chakuti miyezi imene akudulira malipiro ili kunja kwa miyezi ya maariyasi. Mwezi uliwonse kuchokera pa tsiku lopuma uyenera kukhala ndi chimodzi, malipiro kapena penshoni. Mwezi wopanda chilichonse usapezeke.

Chodula chilichonse chiyenera kukhala ndi dzina ndi ndalama yake. Mukaona ndalama yaikulu itangolembedwa kuti ngongole, funsani kuti ndi ngongole iti, ya liti, ndipo inatsala zingati. Mapeyisilipi akale amaonetsa zimene munkadulidwa mwezi ndi mwezi, ndipo ndi amene angakupulumutseni kuti musabwezenso ngongole imene munamaliza.

Mukapeza cholakwika, musangodandaula pakamwa pa kauntala. Lembani kalata yaifupi yotchula mzere umene walakwika ndi nambala yoyenera, muidutsitse ku ofesi yoona za ogwira ntchito kumene munkagwira. Phatikizani mafotokope a kalata yolembedwa ntchito, yokwezedwa, yopumitsidwa ndi sitetimenti ya ku banki, koma mapepala enieniwo musawasiye kumeneko. Pemphani kuti akudindireni chidindo cha tsiku pa kope lanu.